Kuwerenga Manambala a Injini pa Foni: Mmene Kachipangizo ka OBD Kamagwirira Ntchito

Galimoto zamakono zimayendetsedwa ndi kompyuta yomwe imalandira mauthenga kuchokera ku masensa omwazikana pa injini, n'kumawerengera kuchuluka kwa mafuta oyenera kulowa komanso nthawi yoyenera kuti mapulagi ayatse moto. Manambala amene kompyutayi ikugwiritsa ntchito angathe kuwerengedwa injini ili mkati molira, kudzera pa soketi ya mabowo 16 yomwe imakhala kunsi kwa dashibodi, kawirikawiri pafupi ndi chiwongolero, pamwamba pa mapazi a dalaivala. Njira imeneyi imatchedwa OBD-II. Dziko la America linalamula kuti galimoto zing'onozing'ono zonse zogulitsidwa kumeneko zikhale nayo kuyambira mu 1996, ndipo mayiko a ku Ulaya anatsatira mu 2001 pa galimoto za petulo ndi mu 2004 pa za dizilo. Cholinga cha malamulowo chinali kuyang'anira utsi woipitsa mpweya, n'chifukwa chake manambala amene galimoto iliyonse imakakamizidwa kuulula ndi okhudza kayakidwe ka mafuta mu injini.

Kachipangizo kotsika mtengo kolumikiza pa soketiyi n'kocheperako kuposa paketi ya ndudu. Tambiri timagulitsidwa ndi dzina lakuti ELM327, lomwe linali dzina la kachipu kopangidwa ndi kampani ya ku Canada yotchedwa Elm Electronics, ngakhale kuti pafupifupi tonse totsika mtengo tili pamsika ndi totengera chabe. Kachipangizoka sikadziwa chilichonse chokhudza injini. Ntchito yake ndi kutenga funso kuchokera ku foni, kulipereka kwa kompyuta ya galimoto m'chinenero chimene galimotoyo imamva, n'kubweza yankho. Mwachitsanzo, pulogalamu ya pafoni ikafuna kudziwa liwiro la injini ndi kutentha kwa madzi, zokambirana zake zimakhala motere:

```
>010C
41 0C 0B B8
>0105
41 05 82
```

Yankho loyambalo pulogalamu imaliwerengera n'kupeza kuti injini ikuzungulira maulendo 750 pa mphindi, ndipo lachiwirilo likutanthauza madigiri 90. Mwini foni saona zilembo zimenezi. Amangoona mawotchi ndi mizere yokwera ndi kutsika. Komabe n'kofunika kudziwa kuti nambala iliyonse imabwera chifukwa chofunsidwa payokhapayokha, ndipo mafunso amayenda mmodzimmodzi. Pa galimoto zakale zogwiritsa ntchito waya mmodzi wotchedwa K-line, mayankho amafika ochepa pa sekondi, motero munthu akadzaza mawotchi makumi awiri pa foni, wotchi iliyonse imasintha patapita masekondi angapo ndipo zinthu zochitika mofulumira zimadutsa osaoneka. Galimoto zatsopanoko, zomwe zimagwiritsa ntchito njira ya CAN, zimayankha msanga, koma nazonso zimaonetsa bwino manambala akakhala anayi kapena asanu.

Kulumikiza

Kachipangizo kamalowetsedwa pa soketi kiyi ali wozimitsa, kenako kiyi amatembenuzidwa kufika poyatsa nyali za pa dashibodi. Pa foni ya Android, kachipangizo ka Bluetooth kamaoneka ndi dzina longa OBDII, ndipo nambala yachinsinsi imakhala 1234 kapena 0000. Foni ya iPhone siigwirizana ndi tizipangizo totsika mtengo ta Bluetooth wakale, choncho imafuna ka Wi-Fi kapena ka Bluetooth LE. Mapulogalamu odziwika ndi monga Torque ndi Car Scanner. Pali kulumikizana kuwiri kosiyana komwe kumasokoneza anthu ambiri: foni ndi kachipangizo, kenako kachipangizo ndi galimoto. Foni ingathe kunena kuti yalumikizana pamene galimoto sinayankhe kanthu, ndipo mapulogalamu amaonetsa zizindikiro ziwirizi padera.

Apa pali vuto lokhudza kwambiri Malawi ndi mayiko oyandikana nawo, kumene galimoto zambiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan sizinamangidwe ndi lamulo la ku America la 1996. Zambiri za zaka zoyambirira za m'ma 2000 zili ndi soketi ya mabowo 16 yomweyo, koma zimayankhula mosiyanako, ndipo kachipangizo kakasiyidwa kuti kadzisakire kokha njira kamatha kulephera. Pamenepa pamafunika kulowa m'makonzedwe a pulogalamu n'kusankha mtundu wa galimotoyo, kapena kuyesa ISO 14230-4 ndi ISO 9141-2 pamanja. Ndipo apa m'pamene tizipangizo tachinyengo timaonekera. Tambiri totsika mtengo kwambiri tolembedwa kuti v2.1 tili ndi mbiri yosamva malamulo ena ndi yolephera pa galimoto za K-line, pamene tolembedwa v1.5 nthawi zambiri timachita bwinoko, ngakhale kuti kampani ya Elm sinatulutsepo n'komwe kachipu ka nambala imeneyo. Wogula wanzeru amayesa kachipangizo pa galimoto yake asanapereke ndalama.

Manambala a m'mawa, injini isanalire

Kuyeza kothandiza koyamba kumachitika galimoto itagona usiku wonse, kiyi atayatsidwa koma injini isanalizidwe. Pa nthawi imeneyi zitsulo, madzi ndi mpweya zonse zimakhala pa kutentha kofanana, motero nambala ya Coolant Temperature ndi ya Intake Air Temperature ziyenera kuyandikana, kusiyana ndi madigiri awiri kapena atatu basi, ndipo ziyenera kugwirizana ndi nyengo ya tsikulo. Sensa ya madzi ikamanena madigiri 5 m'mawa wa mu Okutobala ku Salima, ndiye kuti ikunama, ndipo kompyuta idzathira mafuta ambiri poganiza kuti kunja kukuzizira. Nambala ya -40 ili ndi tanthauzo lake lapadera: ndi malire a pansi a sikelo, ndipo imasonyeza kuti waya waduka kapena pulagi ya sensa yachoka.

Galimoto yokhala ndi sensa ya MAP, yomwe imayeza kupanikizika kwa mpweya mu manifodi, imayesedwanso pa nthawi yomweyi. Injini isanalire, sensayi iyenera kuonetsa kupanikizika kwa mpweya wa pamalopo, komwe kumatsika munthu akamakwera kumtunda. Ku Nsanje ndi pafupifupi 100 kPa, ku Lilongwe ndi cha m'ma 89 kapena 90, ndipo ku Dedza ndi cha m'ma 84. Wosadziwa zimenezi angaganize kuti sensa yawonongeka pamene ikunena zoona. Injini ikalira n'kutentha, nambalayi imagwa kufika cha m'ma 30.

Kenako injini imalizidwa, ndipo maso amakhala pa kutentha kwa madzi. Galimoto zambiri zing'onozing'ono za ku Japan zilibe muvi wa kutentha, zimangokhala ndi kanyali kabuluu ndi kofiira, ndipo ngakhale zokhala ndi muvi zimauimika pakati pa madigiri ambiri osiyanasiyana. Foni imaonetsa nambala yeniyeni. Injini yabwino imakwera mosadukiza kufika cha m'ma 82 mpaka 90, n'kukhazikika pomwepo, ndipo galimoto ikaima pa mzere fani imayamba kuzungulira madigiri akayandikira 95 kapena 100. Ngati pa msewu waukulu kutentha kukutsika kufika pa 60 kapena 65, makamaka potsetsereka, themositati yakanirira chotsegula kapena munthu wina anaichotsa. Chizolowezi chochotsa themositati ponena kuti kuno n'kotentha n'chofala m'magalaja ambiri, koma injini yosafika pa kutentha kwake imadya mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Magetsi nawo amaoneka pa foni pomwepo: batire labwino limaonetsa 12.4 mpaka 12.6 V injini itazima, ndipo injini ikalira nambalayo ikwere kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5 V, kusonyeza kuti olitaneta ikutchaja. Nambala imeneyi nthawi zambiri imayezedwa ndi kachipangizo komweko, ndipo totsika mtengo timatha kuphonya pang'ono.

Manambala awiri ofunika koposa

Pa injini ya petulo, manambala amene amaulula zambiri ndi awiri olembedwa kuti STFT ndi LTFT, kapena Short Term Fuel Trim ndi Long Term Fuel Trim. Kuti amveke, pafunika kudziwa mmene kompyuta imathirira mafuta. Petulo amayaka bwino akasakanizidwa ndi mpweya wolemera maulendo 14.7 kuposa iyeyo. Kompyuta imayamba ndi kuyeza mpweya wolowa, pogwiritsa ntchito sensa ya MAF yomwe imakhala kuseri kwa sefa ya mpweya, n'kuwerengera mafuta oyenerana nawo. Ikatero imamvetsera sensa ya okosijeni ya ku ekizosi, yomwe imanena ngati zomwe zayakazo zinali ndi mafuta ochepa kapena ochuluka. Pakakhala kusiyana, kompyuta imakonza. Kukonza kwa nthawi yomweyo ndiko STFT, nambala yosakhazikika yomwe imasinthasintha sekondi iliyonse. Kukonzako kukamapendekera mbali imodzi kwa nthawi yaitali, kompyuta imakusunga m'chikumbumtima chake, ndipo ndiko LTFT.

Manambala awiriwa amaphatikizidwa powerenga. Chizindikiro cha + chimatanthauza kuti kompyuta ikuwonjezera mafuta chifukwa yaona kuti akupereŵera, ndipo cha - chimatanthauza kuti ikuchepetsa. Injini yabwino imakhala pakati pa -10% ndi +10%. Kupendekera pang'ono ku mbali ya + sikodabwitsa ku Malawi, kumene petulo amasakanizidwa ndi etanolo wochokera ku nzimbe: etanolo amafuna mpweya wochepa kuti ayake, motero kompyuta imawonjezera mafuta ndi maperesenti angapo. Manambalawa amakhala ndi tanthauzo pokhapokha injini itatentha ndipo mzere wa Fuel System Status ukunena kuti Closed Loop, kutanthauza kuti kompyuta yayamba kumvera sensa ya ku ekizosi.

Chitsanzo chonse

Tiyerekeze galimoto ya injini ya malita 1.5, yokhala ndi sensa ya MAF. Nyali ya injini yayaka, galimoto imanjenjemera ikaima pa maloboti, koma pa msewu imathamanga bwinobwino. Pulogalamu ikuonetsa khodi ya P0171, yomwe tanthauzo lake ndi lakuti mafuta akupereŵera poyerekeza ndi mpweya. Khodiyi sikutchula chitsulo chowonongeka. Pampu ya mafuta yofooka, mainjekita otsekeka, sensa ya MAF yakuda ndi paipi yong'ambika zonse zimabweretsa P0171 yomweyo, ndipo anthu ambiri amathamangira kugula sensa ya okosijeni, yomwe kawirikawiri imakhala kuti yangonena zoona.

Pa foni pamasankhidwa manambala anayi: liwiro la injini, MAF, STFT ndi LTFT. Injini itatentha, giya ili pa P, makina oziziritsa mkati ndi nyali zili zozimitsa, foni ikuonetsa kuti injini ikuzungulira maulendo 700 pa mphindi, MAF ili pa magalamu 1.5 pa sekondi, STFT ili pa +13% ndipo LTFT ili pa +20%. Pamodzi ndi +33%, kutanthauza kuti kompyuta ikuthira mafuta oposa amene inawerengera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kenako injini imapondedwa kufika pa 2,500 n'kuigwira pomwepo kwa theka la mphindi. MAF yakwera kufika pa 6.5, STFT yatsika kufika pa +3%, LTFT pa +5%, pamodzi +8%.

Kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndiko kukuloza vuto, ndipo masamu ake ndi osavuta. Injini ya kukula kotere ikamalira yokha osapondedwa imakoka mpweya wa magalamu pafupifupi 2 pa sekondi. Sensa ikuona 1.5 yekha, ndiye kuti 0.5 akulowera pena pake kuseri kwa sensayo, osawerengedwa. Theka la galamu poyerekeza ndi 1.5 ndi 33%, yomwe ndi nambala imene kompyuta ikuwonjezera. Injini ikapondedwa, kabowoko kamalowetsabe mpweya wochuluka chimodzimodzi, koma tsopano 0.5 akuyerekezedwa ndi 6.5, zomwe ndi pafupifupi 8%. Choncho manambala oipa injini ikamalira yokha, koma abwino ikapondedwa, amasonyeza mpweya wolowera pobooka. Pampu yofooka kapena sefa ya mafuta yotsekeka zikanaonetsa zosiyana: mafuta ochepa ofunika poima akanakwanira, ndipo manambala akanaipa pokwera chitunda, pamene injini ikufuna ambiri. Sensa ya MAF yokutidwa ndi fumbi, zomwe si zachilendo pa misewu ya dothi, nayo kawirikawiri imaipitsa manambala injini ikalemedwa, chifukwa kawaya kake kakuda kamawerenga mpweya wocheperapo kuposa umene ukudutsa.

Chotsala ndi kupeza kabowoko, ndipo foni imathandizanso. Injini ili chilirire, timapaipi ta labala tolumikizidwa ku manifodi timatsinidwa kamodzikamodzi ndi pulayala yokulungidwa nsalu, pafupi ndi manifodiyo, wina akuyang'ana STFT. Paipi yopita ku mabuleki itatsinidwa, palibe chasintha. Itatsinidwa paipi yochokera pa chivundikiro cha injini, yomwe imachotsa nthunzi ya oyilo, STFT yagwa m'masekondi ochepa kuchoka pa +13% kufika cha m'ma -18%, MAF yakwera kufika pa 2.0, ndipo injini yasiya kunjenjemera. Poichotsa paipiyo yapezeka itang'ambika kunsi, pokhota, pamalo osaoneka. Nambala ya -18% siyenera kuopsa: kompyuta ikadali ndi +20% yomwe inasunga, ndipo ikuichotsera. Paipi yatsopano ikaikidwa, LTFT imatsika pang'onopang'ono galimoto ikamayenda mpaka manambala onse awiri atayandikira ziro, ndipo umenewo ndiwo umboni woti vuto latha. Kukanakhala kuti kutsina timapaipi sikunasinthe kanthu, okayikiridwa otsatira akanakhala gasiketi ya manifodi ndi chipaipi chachikulu chamakwinya cha pakati pa sensa ya MAF ndi injini, chomwe chimakonda kung'ambika m'makwinyamo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Pa injini yoyeza mpweya ndi sensa ya MAP, mpweya wolowera pobooka umawerengedwa ndithu, chifukwa sensayo ili mu manifodi momwemo, choncho chizindikiro chake chimakhala injini kulira mokweza, osati manambala akulu a +. Ekizosi yobooka sensa ya okosijeni isanafike, kapena pulagi yosayatsa bwino, zimafikitsa okosijeni wosayaka pa sensayo, ndipo kompyuta imanyengeka n'kuwonjezera mafuta osafunika. Injini za dizilo zilibe manambala awiriwa m'njira imene yafotokozedwayi.

Sensa ya okosijeni payokha imaonedwa bwino pa mzere wojambula. Ya mtundu wakale imakwera ndi kutsika mosalekeza pakati pa 0.1 ndi 0.9 V injini ikatentha, ndipo yokhazikika malo amodzi kapena yosuntha mwaulesi ndi yokayikitsa. Koma galimoto zambiri za Toyota ndi Honda zili ndi sensa ya mtundu wina kutsogolo, yomwe mwachibadwa siikwera ndi kutsika motero, ndipo imawerengedwa pa mzere wa Lambda, pamene 1.00 ndiye muyeso woyenera. Sensa yachiwiri, ya kumbuyo kwa kataliti, iyenera kukhala yodekha; ikamavina mofanana ndi yakutsogolo ya mtundu wakale, kataliti yatha kapena inachotsedwa.

Zimene kachipangizo sikaona

Foni imangobwereza zimene kompyuta ikukhulupirira, ndipo kompyuta imadziwa zokhazo zimene zili ndi sensa. Mphamvu ya kupanikiza kwa masilinda, kutha kwa maberingi ndi kufooka kwa lamba siziwerengeka pa soketi, ndipo galimoto zambiri za petulo zakale sizinena mphamvu ya pampu ya mafuta kapena ya oyilo. Zimenezi zimafuna geji ndi manja a makaniko. Makompyuta ena a m'galimoto, monga a mabuleki a ABS, a giyabokosi ndi a matumba a mpweya oteteza pa ngozi, amayankhula m'njira za kampani iliyonse payokha, ndipo kachipangizo kotsika mtengo kamawafikira pa mitundu ina yokha. Nambala ya kadyedwe ka mafuta imene mapulogalamu amaonetsa ndi yongowerengera kuchokera ku mpweya, motero sensa ya MAF ikamanama nayonso imanama.

Batani lofufuta makhodi ndilo limagwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri. Kufufuta kumazimitsa nyali popanda kukonza kanthu, ndipo kumataya Freeze Frame, chithunzi cha manambala a pa mphindi imene vuto linachitika, chomwe chimasonyeza ngati injini inali yozizira kapena yotentha, yoima kapena yothamanga. Ndi bwino kujambula tsamba limenelo kaye. Kufufuta kumabwezeranso pachiyambi mayeso amene kompyuta imadzichitira yokha, ndipo izi zimathandiza wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito: ngati palibe khodi iliyonse koma mayeso ambiri pa tsamba la Readiness Monitors akuoneka osamalizidwa, ndiye kuti makhodi afufutidwa posachedwa kapena batire linachotsedwa. Galimoto zambiri zimanenanso makilomita amene zayenda chifufutireni makhodi.

Poyeza galimoto ikuyenda, foni imagwiridwa ndi wokwera naye, kapena pulogalamu imauzidwa kusunga manambala kuti akaonedwe galimoto itaima. Tizipangizo timeneti ndi ta magetsi a 12 V, choncho sitilumikizidwa pa malole ndi mabasi a 24 V pokhapokha titalembedwa kuti tingathe kutero. Bowo la nambala 16 pa soketi limakhala ndi magetsi a batire nthawi zonse, ngakhale kiyi atachotsedwa, ndipo tizipangizo tambiri totsika mtengo sitizima tokha. Kakasiyidwa pa galimoto yomwe ikhale masiku ambiri osalizidwa kangathe kufooketsa batire, komanso munthu aliyense woima pafupi wodziwa nambala ya 1234 angathe kulumikizako foni yake. Pa chifukwa chimenechi kamachotsedwa ntchito ikatha. Kakalumikizidwa koma nyali zake osayaka n'komwe, choyamba kuyang'ana ndi fyuzi ya soketiyo, yomwe pa galimoto zina imalembedwa kuti OBD ndipo pa zina ndi imodzi ndi ya poyatsira ndudu.